Kabowo ka Mayi Sipanala

"Ndaboola, amayi. Mwaona ndi maso anu. Kabowoko kali pamwamba penipeni, pomwe buku likunena."

"Ndiye buku lakolo likwere makwererowa likawauze madziwo," anatero Mayi Sipanala, dzanja lili pa paipi, mutu atapendeketsa ngati namwino womvetsera mtima wa wodwala. "Gwira apa, iwe Tchona. Akuyendabe."

Ndinagwira. Paipi inkanjenjemera pang'onopang'ono m'dzanja langa. Pampu tinali titazimitsa, waya wake titazula kukhoma, koma madzi ankatsikabe kuchokera m'thanki yapamwamba, kudutsa m'pampu yozimayo, n'kubwerera m'thanki yapansi momwe anachokera. Thanki yapansiyo inali itatsala zala ziwiri kuti isefukire.

Nthawi inali itadutsa naini koloko usiku, ndipo m'wekishopu yonse ya mapulambala munatsala ife awiri. Oyesa mayeso amabwera m'mawa mwake.

Dzina loti Mayi Sipanala anawapatsa ndi anzathu a m'kalasi, chifukwa m'chikwama chawo cha m'manja, momwe amayi ena amasunga kagalasi ndi mafuta odzola, iwo ankasungamo sipanala yosinthasintha kukula. Ine ankanditcha Tchona. Ndinakhala kunja zaka zisanu ndi zinayi kwa azakhali anga, ndinayamba maphunziro awiri osamaliza ngakhale amodzi, n'kubwerera kuno ndi sutikesi imodzi komanso chizolowezi choyang'ana wotchi anthu akamalankhula. Kusukulu ya ntchito zamanjayi anandilembetsa ndi amalume atatopa kundiona pakhonde. Tsiku logawa anthu awiriawiri, palibe anafuna ine, palibenso anafuna mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu amene ankadzudzula aphunzitsi kagwiridwe ka sowo. Tinatsala awiri ngati masokosi osiyana mitundu.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu amuna awo. Poyamba ankangowagwirira tochi pansi pa masinki a anthu, kenaka n'kumawapatsira zida, kenaka amunawo atayamba kudwala msana, iwo ndiwo ankagwada pansi, bambowo n'kumalozera atakhala pa ndowa. Atamwalira, makasitomala sanasiye kuimba foni. Koma ntchito ikakhala yaikulu, yofuna siginecha ya munthu wa pepala, ankasainira ndi alamu awo, akulu ake a malemuwo, amene ankafika ntchito itatha, nsapato zili phuliphuli, n'kugwirana chanza ndi mwini nyumba.

"Zaka khumi ndi zinayi," anandiuza tsiku lina. "Ndikalowa m'chimbudzi cha munthu ndine pulambala. Ndikatuluka ndine mlamu wa pulambala."

Chipatala china chinali chitawauza kuti malo a pulambala wokhazikika alipo, koma abwere ndi setifiketi chaka chomwechi. Setifiketiyo inkadalira chinthu chomwe chinkanjenjemera m'dzanja langachi.

Ntchito ya mayeso inali yooneka yophweka. Thanki imodzi pansi, ina pa chithandala chachitsulo chotalika kuposa munthu. Kapampu kakang'ono kokweza madzi. Thanki yapansi inali ndi valavu ya mpira woyandama, moti pampu ikamachotsa madzi, mpopi unkabwezeretsamo ena, thankiyo n'kumakhala yodzaza nthawi zonse. Oyesa akabwera amadzaza yapamwamba, kuzimitsa pampu, kulemba mzere ndi choko pomwe madzi alekezera, n'kupita kukamwa tiyi. Akabwerako patatha ola, madzi ayenera kukhala pamzere pomwepo.

Ife yathu inasefukira kawiri. Kapampuko kanali kaulesi, moti kalasi ikamatha kanali kadakali kudzaza, ndipo magetsi ankazimitsa ndi woyang'anira wekishopu potseka, tonse titapita. M'mawa mwake ankapeza thanki yapamwamba ili gwaa, pansi ponse pali dziwe, utuchi wa akalipentala a chipinda chinacho ukuyandama. Ulendo wachiwiri aphunzitsi anaima pakati pa madziwo, buluku atapinda, n'kunena pamaso pa kalasi yonse:

"Majointi anu akudontha, mayi. Zokonza m'makomo ndi zina, za pano ndi zina. Mawa ikachitanso zimenezi, tionana chaka chamawa."

Wina kumbuyo ananong'ona kuti tsabola wakale sawawa. Mayi Sipanala anatenga pepala la kuchimbudzi, n'kuyenda jointi iliyonse akukulunga, kufinya, kumasula, kuonetsa aphunzitsi. Lonse louma. Kenaka anapempha kuti madzulo atisiyire kiyi.

Sizinatitengere nthawi kupeza wakubayo. Titangozimitsa pampu tokha, iwo anagwira paipi n'kumva madzi akubwerera. Paipi yathu inkakwera kuchokera pa pampu, kupinda pamwamba pa mlomo wa thanki, n'kutsikira m'katimo mpaka pafupi ndi pansi. Anzathu onse mapaipi awo ankathera m'mwamba, madzi n'kumagwera m'thanki phwaaa. Yathu yokha ndiyo inkamira.

"Sayifoni," ndinatero. "Ngati mmene anthu amatulutsira petulo m'galimoto ndi kapaipi. Paipi ikadzaza, mbali imodzi ili m'madzi apamwamba, inayo ili m'munsi, madzi amayenda okha."

"Zimenezo ndikuzidziwa, sindinabadwe dzulo. Koma ndani wayamwa?"

"Pampu. Imasiya paipi yodzaza kale."

Kumiza paipiko linali ganizo lawo. Kalekale anakonzera namwino wina wogwira ntchito usiku, amene thanki yake inali pamwamba pa chipinda chogona ndipo phokoso la madzi linkamulanda tulo masana. Iwo anatalikitsa paipi kuti madzi azilowa mwakachetechete, namwinoyo n'kuwatumizira makasitomala a mzere wonse wa nyumba. Chiyambire pamenepo, thanki yosokosa ankaiona ngati mwana wopanda mwambo. Koma kwa namwinoyo madzi ankachokera ku mpopi wa mumsewu, wokankha usana ndi usiku. Kuno pampu ikazima panalibe chowaletsa kubwerera.

"Madzi saiwala khwawa," anatero motsitsa mawu.

Mankhwala ake tonse tinkawadziwa: valavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha. Koma kusitolo ya sukulu anali atatseka, ndipo pa mayeso saloleza chida chomwe sichinachokere kusitoloko. Kudula paipi kuti ithere m'mwamba sikukanathekanso, chifukwa chojambula chathu tinali titapereka kale, ndipo oyesa amayeza paipi iliyonse ndi tepi kuona ngati ikufanana ndi zimene munajambula.

Choyamba iwo anati tikweze chigongono cha paipicho, mwina madzi atopa kukwera. Ndinawauza kuti satopa, koma anafuna aone okha. Tinalumikiza paipi ina mongoyesa, ine n'kukwera makwerero, n'kuinyamula mpaka kudenga. Madzi anakwera phiri langalo n'kutsika ngati palibe chachitika.

"Mpaka mamita pafupifupi khumi," ndinatero ndili m'mwambamo, manja akuwawa. "Madzi a mbali yaitaliyi akamatsika amasiya pamwamba pano popanda mphamvu, ndiye mpweya wotizingawu, womwe ukupanikiza madzi a m'thanki, umakankhira ena m'mwamba kudzatseka malowo. Mpweyawo umatha kukweza madzi mamita pafupifupi khumi. Denga ili ndi anayi okha."

"Tsika, ungagwe ndi mamita akowo."

Ndiye panatsala kabowo. Buku linkati ukaboola pamwamba pa chigongono, mpweya umalowa, madzi n'kuduka pakati, sayifoni n'kufa. Nditanena zimenezi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Ndiboole paipi yanga? Dala?"

"Kabowo kamodzi kokha."

"Iwe, ine ndalera ana atatu ndi kutseka mabowo. Pampu ikamayenda pazituluka madzi pamenepo. Oyesa akaona paipi ikulavula aziti chiyani? Aziti aphunzitsi ananena zoona."

Tinakangana mpaka anavomera, koma kachitsulo koboolera anasankha okha. Anatsegula kabokosi, chala chawo n'kudutsa tonse, n'kukaima pa kotsiriza, ka milimita imodzi, kowonda ngati singano. Anakana kuboola okha. Anatembenuka kuyang'ana kukhoma ine ndikuboola.

Apa ndi pomwe tinali tsopano: kabowo kalipo, buku lili chitsegukire pa benchi, madzi akuyendabe.

Ndinayatsa pampu msanga kuti thanki yapansi isasefukire, n'kukhala pa ndowa. Kunena zoona, mtima wanga unali utayamba kale kulongedza. Ndi mmene ndinalili masiku amenewo. Chinthu chikangovuta, ndinkayamba kuganiza za mabasi, za mnzanga wina amene ankati kwawoko kuli ntchito yotsuka magalimoto. Chaka chamawa kwa ine sichinali chilango. Mwina sindikanakhalako n'komwe.

"Mwina tingowauza aphunzitsi mawa kuti vuto ndi sayifoni, si majointi," ndinatero. "Dzina lanu liyera."

"Dzina loyera ndikalipachike pati? Kuchipatala akufuna pepala." Anandiyang'anitsitsa. "Ukufuna kupita? Pita. Khomo ndi ilo, silinakiyidwe."

Ndisanayankhe, khomo lomwelo linatseguka, n'kulowa alonda, bambo wamtali wovala chikhoti chofika m'mawondo, tochi ili m'manja ngakhale magetsi ankayaka.

"Kodi a dziwe, lero mukusambira mpaka nthawi yanji?"

"Tipatseni maola awiri, achimwene," anatero Mayi Sipanala.

"Leveni koloko ndikutseka geti. Mukatsalira mugona ndi agalu anga, ndipo bulangeti sagawana." Anayang'ana m'thanki yapansi, n'kupukusa mutu. "Dzana ndinakolopa nawo ine. Pa kalata yanga ya ntchito palibe mawu oti mopu."

Atatuluka, foni ya mayiwo inalira. Anali mwana wawo wamkazi, wachisamba, amene ankayang'anira azing'ono ake. Ndinkamva mbali imodzi yokha.

"Adya? ... Nanga yunifolomu wachapa? ... Ayi, usandidikire, kiya chitseko. ... Anabwera? Amafuna chiyani? ... Uwauze atate ako aakuluwo kuti zida sindibwereketsa. ... Eya, zikuyenda. Zikuyenda kwambiri, mwanangu, mpaka sizikufuna kuima."

Anaika foni m'chikwama, pambali pa sipanala. Ine sindinapite. Sindinganene kuti ndinaganiza zakuya. Ndinangoona kuti kudutsa pakhomo paja iwo akundiyang'ana kukanakhala kovuta kuposa kukhala.

"Zimitsanso," anatero. "Ulendo uno tisalankhule. Iwe umalankhula kwambiri, madzi sapeza mpata."

Ndinazimitsa. Anakwera makwerero okha, siketi atakulunga m'mawondo, n'kuika khutu pafupi ndi kabowo. Kenaka anang'amba kachidutswa ka pepala la kuchimbudzi lija n'kukayandikiza. Kapepalako kanadumpha kuchoka pa chala chawo n'kumatirira pa kabowo.

"Kakuyamwa," anatero. "Kakuimba likhweru ngati udzudzu. Mpweya ukulowa ndithu."

"Ndiye sayifoni imayenera kufa."

"Imayenera. Maliro ake ndiwo sakuoneka." Anachotsa kapepalako. "Nanga mpweya ukulowawu ukupita kuti? Chinthu sichilowa m'nyumba n'kusowa."

Funso limeneli ine sindinalifunse, ngakhale ndinali nditawerenga tsambalo kanayi. Anatsika, n'kuyenda motsatira paipi, dzanja likutsetsereka pamwamba pake, mpaka pa pampu, mpaka pa thanki yapansi. Anawerama n'kuunika ndi tochi ya foni.

"Tchona, bwera udzaone alendo ako."

Pakamwa pa paipi, pansi pa madzi, pankatuluka tithovu. Ting'onoting'ono, tambirimbiri, tikuthamangira m'mwamba ngati m'botolo la zakumwa. Mpweya womwe unkalowa pa kabowo kumwamba kuja unkatulukira kuno.

"Ukungodutsa," ndinatero.

"Wakwera basi yaulere."

Komabe mapaipi athu anali akuda, ndipo iwo sankakhulupirira chinthu chomwe sanachione. Anapita pa chikwama chawo chachikulu cha zida n'kutulutsa paipi yoonekera m'kati, ija amayezera levulo pomanga. Tinayatsa pampu kuti ntchito yeniyeniyo ipume, n'kupanga kathu kakang'ono: ndowa yodzaza pa benchi, ina yopanda kanthu pansi, paipi yoonekerayo itakwera pa msana wa mpando womwe tinausanjika pa benchipo.

"Yamwa," anatero.

Ndinayamwa. Madzi a m'ndowa ya wekishopu, okoma dzimbiri ndi sopo, anandifika kukhosi ndisanakonzeke. Ndinatsokomola mpaka misozi.

"Kunja kuja sanakuphunzitse? Umayamwa n'kuthawa." Anaseka koyamba usiku umenewo, mpaka kugwira benchi. "Ukanangoidzaza pa mpopi n'kutseka ndi chala. Ndimafuna ndione ngati umamvera akulu."

Madzi atayamba kuyenda, anachotsa pini pa mpango wawo n'kubaya paipiyo pamwamba pa chigongono. Tinagwada, mitu pamodzi. Pa kabowopo panabadwa kathovu, kanakula pang'ono, madzi n'kukathyola n'kuthawa nako kumunsi. Kenaka kena. Kenaka kena. Tinkatsika motsatana ngati mikanda pa ulusi, ndipo madzi pakati pa tithovuto sanaduke.

"Waona? Sakuupatsa mpata wokhala pansi," anatero. "Ukangolowa, aunyamula."

Pofuna kuonetsetsa, anasuntha n'kugwada bwino, bondo lawo n'kupsinja paipi pafupi ndi ndowa yapansi. Sanadziwe. Ine ndinaona madzi akuchepa liwiro, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze asunthe, koma anandigwira mkono.

"Taona!"

Kathovu kanali katabadwa, koma ulendo uno madzi analibe mphamvu yokanyamula. Kanagwedera pomwepo. Kena kanabwera n'kuphatikana nako. Thovulo linakula, linatalika, linadzaza chigongono chonse, ndipo mwadzidzidzi madzi a mbali yaifupi anabwerera m'ndowa yapamwamba. Paipi inangoti zii.

Tinayang'anana. Kenaka anayang'ana bondo lawo.

"Ndapha ndine?"

"Mwapha ndinu."

Tinabwerezanso katatu, tsopano mwadala. Madzi akamathamanga, tithovu tinkatengedwa, sayifoni n'kumayendabe. Akapsinja paipi kuti madzi afooke, mpweya unkasonkhana pamwamba, n'kuidula. Buku silinaname. Linangoti mpweya ukalowa, osanena wochuluka bwanji. Ndi mpikisano: mpweya uyenera kulowa msanga kuposa mmene madzi akuuchotsera. Pa ntchito yathu yeniyeni madzi ankatsika mamita awiri ndi theka m'paipi yonenepa, ali pa liwiro, ndipo kabowo kathu ka singano kankangowathira tithovu.

"Ndiye njira ndi ziwiri," ndinatero. "Kufooketsa madzi, kapena kukulitsa bowo."

"Kufooketsa sikuthandiza. Ukapana paipi, kapampu kaulesika kadzaza thanki mawa madzulo." Anapuma mozama. "Ndinasankha ndine kachitsulo kaja."

"Munasankha ndinu."

"Sunayenere kuvomera msanga choncho, mwana wopanda ulemu."

Anaimirira n'kudzikuntha m'mawondo. Anapita pa kabokosi kaja, chala n'kuyendanso pa tizitsulo, ulendo uno chobwerera. Chinaima pa ka mamilimita atatu. Chinasuntha n'kukaima pa ka asanu ndi imodzi.

"Bowo likakula kawiri m'mimba mwake, mpweya umalowa kanayi," ndinatero. "Limeneli ndi..."

"Ndamva. Gwira makwerero."

Koma sanaboole pomwe ndinaboola ine. Kabowo kanga kanali pamsana pa chigongono, kunja kwa thanki, koyang'ana kudenga, moti pampu ikamayenda kankaponya kamzere ka madzi m'mwamba. Likanakhala bowo lalikulu pamenepo, oyesa akanasamba. Iwo anakatseka ndi kasikuluwu kakang'ono ndi guluu wa mapaipi. Kenaka anaweramira m'thanki, n'kuyeza ndi zala: pansi pa mlomo wa thanki, koma pamwamba pa pomwe madzi amalekezera ikadzaza. Anapendeketsa chiboolero kuti bowo liyang'ane pansi, kumadzi.

"Likalavula, lilavulire m'nyumba mwake," anatero.

Anaima kanthawi chiboolero chili pa paipi. Ndinkaona msana wawo wokha.

"Bambo a ana anga akanaona izi, akanati ndapenga."

Chiboolero chinalira kamphindi kochepa.

Tinadzaza thanki. Pampu ikuyenda, bowolo linkatulutsa madzi ake m'katimo, kaphokoso kochepa ngati mpopi wosatsekedwa bwino, ndipo ndinaona nkhope yawo ikukwinyika. Itadzaza anandipatsa chizindikiro ndi mutu. Ndinazula waya.

Paipi inakoka mpweya mwaphokoso, khooo, ngati munthu womaliza chakumwa ndi kapaipi. Madzi omwe anali m'paipi anatsikira pansi, mpira wa m'thanki yapansi unagwedezeka pang'ono, basi. Anagwira paipi. Anadikira. Anaigwiranso ndi dzanja linalo.

"Yafa," anatero.

Analemba mzere ndi choko. Tinakhala pa ndowa zathu tikuyang'ana thanki ngati ingathawe. Patatha mphindi khumi anakwera kukaona. Pamzere. Tinatsitsako madzi dala, kudzazanso, kuzimitsanso. Khooo, zii. Kachitatu anati ndizimitse iwo atatembenuka, kuti mwina imachita manyazi ndi maso awo.

Alonda anatipeza tikukolopa timadzi tomwe tinatayika pa ndowa.

"Leveni yakwana. Dziwe lili kuti?"

"Laphwa, achimwene."

Anaunika pansi ndi tochi, ngodya zonse, ngati tabisa madziwo penapake. "Ndiye ndikagone? Musandinamize, ine msana wanga ndi umodzi."

M'mawa ndinafika seveni isanakwane, chinthu chomwe amalume sanakhulupirire. Ndinawapeza Mayi Sipanala ali kale pamakwerero. Madzi anagona pamzere usiku wonse.

Woyesa anali mayi wamfupi wa magalasi, wosaseka, tepi yoyezera ili m'chiuno. Anayeza mapaipi athu onse n'kumachonga pa pepala. Anakwera makwerero, anayang'ana m'thanki, n'kukhala komweko nthawi yaitali.

"Bowo ili pa chojambula palibe."

"Palibe, madamu," anatero Mayi Sipanala.

"Ndani waboola?"

"Ndine."

"Mwangozi?"

Aphunzitsi anali ataima pambali, manja kumbuyo. Kalasi yonse inasiya zomwe inkachita. Ine ndinali ndi mawu onse a m'buku pakamwa, okonzeka, koma woyesayo sankayang'ana ine.

"Dala," anatero iwo. "Paipi yanga imamira m'madzi. Pampu ikazima imasiya paipi yodzaza, ndiye madzi amabwerera okha kunsi. Bowolo ndi lolowetsa mpweya kuti uwadule."

"Bwanji lalikulu chonchi? Kakang'ono sikakanakwana?"

"Tinayesa ka milimita imodzi. Mpweya umalowa, koma madzi amathamanga kwambiri, amaunyamula n'kukautaya pansi. Umafunika wambiri kuti uwapose."

"Munawerenga kuti zimenezo?"

"Tinaona m'paipi ya levulo. Ndi mwana uyu."

Woyesayo anatsika. Anafunsa chifukwa chomwe paipi inamira poyamba, ndipo atamva za phokoso anati pa madzi akumwa ochokera ku mpopi wa mumsewu asadzayerekeze kumiza paipi, chifukwa tsiku lomwe mpopi udzaphwe, za m'thanki zidzabwerera kwa anthu ena. Mayi Sipanala anangoti, "Ndamva, madamu," ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za nyumba ya namwino uja ndi mzere wonse uja. Kenaka woyesayo anawapatsa cholembera.

"Lijambuleni bowolo pa pepalapa, mulembe kukula kwake, musaine."

Anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Woyesayo anadzaza thanki, anazula waya, paipi inati khooo, wina kumbuyo anaseka, iye n'kulemba mzere wake ndi choko n'kupita kukamwa tiyi.

Ola limenelo Mayi Sipanala sanakhale pansi. Anasanja zida m'chikwama, anazitulutsa, anazisanjanso. Anathandiza mnzathu wina amene jointi yake inkadonthadi, yemwe uja wa tsabola. Woyesa atabwera anakwera, anayang'ana, anachonga, n'kupita pa thanki ya ena osanena kanthu. Aphunzitsi ndiwo anadutsa pafupi nafe, maso ali kwina.

"Mwakhoza," anatero. "Majointi ali bwino."

Mayi Sipanala anakhala pa ndowa. Anavula nsapato imodzi, n'kuiyang'ana m'kati ngati muli mwala, n'kuivalanso.



Tinatuluka limodzi masana. Panjira anandiuza kuti Loweruka ayamba ndi kwa namwino uja kukadula paipi ija, ndipo ngati ndilibe basi yoti ndikwere ndibwere ndidzagwire makwerero. Ndinati ndiona. Anati aona iwo.

Pafupi ndi pokwerera mabasi panali bambo wogulitsa zinthu atayala pansi: zipeso, maloko, mabatire, tigalasi. Iwo anaima, n'kutola felemu ya pulasitiki yakuda, ya saizi ya pepala. M'kati munali chithunzi cha anthu osadziwika, mwamuna ndi mkazi akumwetulira pafupi ndi mtengo.

"Setifiketi imatuluka pakatha miyezi itatu, amayi," ndinatero.

"Ndiye ayambe akhalamo awa, andisungire malo."

Anaitembenuza, anayesa kamwendo kake, anakanda galasi ndi chikhadabo kuona ngati ndi lenileni. Wogulitsayo anaikulunga m'nyuzipepala. M'chikwama sinakwane chifukwa cha sipanala, ndiye anaipana m'khwapa, n'kukwera nayo basi.